Kakonzedwe ka lubiriki ndi mlozo wochongera kalata yantchito mu Sitandade 7

Makope 90 ali patebulo, ophunzira alemba kalata, ndipo inu mwatola cholembera chofiira. Kope loyamba mwalipatsa 14 pa 20, lachiwiri 11. Kodi wina atakufunsani kuti malikisi atatu asiyanitsa ana awiriwa achoka pati, mungaloze ndi chala pamalo pake? Lubiriki komanso mlozo wochongera zimakonzedwa kuti funso limeneli likhale ndi yankho. Lubiriki ndi tebulo lofotokoza mmene ntchito yabwino, yapakatikati ndi yofooka imaonekera pa mbali iliyonse yomwe mukuyesa. Mlozo wochongera ndi pepala lanu aphunzitsi, losonyeza mayankho ovomerezeka, kagawidwe ka malikisi ndi chochita pamene mwana walemba zomwe simunaziyembekezere. Tiyenda ndi phunziro limodzi la Chichewa mu Sitandade 7, pasukulu ya kuno ku Mulanje, kuyambira pa funso mpaka pa kaundula wa malikisi.

Yambani ndi ntchito yeniyeniyo

Musajambule tebulo musanalembe funso. Tsegulani chikonzekero cha phunziro lanu, muone zizindikiro za kakhonzedwe zomwe munatenga m'buku la mphunzitsi, lija limachokera ku MIE ku Domasi. Tinene kuti chizindikiro chachikulu n'chakuti ophunzira alembe kalata yantchito yofotokoza vuto ndi kupempha thandizo. Kutchula magawo a kalata kapena kuwerenga chitsanzo pabolodi ndi masitepe chabe opita kumeneko, ndipo safuna lubiriki. Lubiriki ipite pa ntchito imodzi yokha, imene ikusonyeza ngati phunziro lagwira.

Funso lathu likhale lotere: "Mlatho wamitengo umene anthu a m'mudzi mwanu amaolokera wakokoloka ndi madzi. Lembani kalata kwa amfumu. Fotokozani zomwe zachitika, mavuto awiri amene abwera chifukwa cha zimenezi, ndi zomwe mukupempha kuti zichitike. Kalata yanu isapitirire tsamba limodzi."

Funsoli lanena poyera zinthu zitatu zimene mudzafune pochonga: vuto, zotsatira zake ziwiri, ndi pempho. Chilichonse chimene mudzapatse malikisi chiyenera kuoneka m'funso kapena m'zomwe munaphunzitsa. Ngati funso likungoti "lembani kalata yokhudza mlatho", ndiye inu n'kudzadula malikisi chifukwa mwana sanatchule mavuto awiri, mwamulanga pa lamulo lomwe sanauzidwe.

Nkhani ya mlatho ana athu amaidziwa bwino, makamaka a m'mbali mwa Ruo, Thuchila ndi Likhubula, choncho sasowa chonena. Koma muidziwe kalasi yanu. Namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 anasiya maliro m'mabanja ambiri kuno, ndipo ngati muli ndi ana amene anataya abale awo ndi madzi, sinthani nkhaniyo ikhale ya mjigo wowonongeka kapena denga la kalasi lodontha. Lubiriki idzakhala yomweyo.

Lembani kalatayo inu nomwe

Tengani mphindi 10, mulembe yankho monga mmene mwana wakhama wa Sitandade 7 angalembere, osati mmene mungalembere inu kwa mlangizi wa zoni. Sitepe imeneyi ambiri amailumpha, pomwe ndi imene imaulula ngati ntchitoyo ingatheke m'nthawi ya phunziro ndi patsamba limodzi. Mukamaliza, dzifunseni kuti m'kalatayi muli chiyani chimene mungachiloze ndi chala. Zimene mwalozazo ndizo mbali zoyesa.

Sankhani mbali zochepa, ndipo zisalowerane

Pa kalata imeneyi mbali zinayi zakwana: maonekedwe a kalata, mfundo, ulemu wa mawu, ndi kalembedwe koyenera. Musapyole apo. Makope 90, kope lililonse mphindi 2, ndi maola 3 athunthu. Lubiriki ya mbali zisanu ndi zitatu imakoma kuiona pa tchati, koma pofika kope la 20 mumaiika pambali n'kubwerera ku malikisi a m'mutu.

Mbali iliyonse iyese chinthu chimodzi. Mukalemba kuti "ulemu ndi kalembedwe" pamzere umodzi, mudzakumana ndi mwana wolemba mwaulemu kwambiri koma wolakwitsa mawu mzere uliwonse, ndipo simudzadziwa pomuika. Khama, ukhondo wa kope ndi kukongola kwa zilembo zisalowe, pokhapokha ngati ndizo munaphunzitsa tsikulo. Kope lonyowa ndi chiperoni panjira silinena kanthu za luso lolemba kalata.

Kenako gawani malikisi 20 potsata kulemera kwa mbali iliyonse. Cholinga cha phunziro ndi kufotokoza vuto ndi kupempha, ndiye mfundo zitenge 10. Maonekedwe atenge 5, kalembedwe 3, ulemu 2. Chifukwa chake tichiona tikafika pa makope enieni.

Mbali zina n'zongowerenga, zina n'zoweruza

Maonekedwe safuna milingo. Chinthucho chilipo kapena palibe, choncho apa mlozo ungotchula zinthu zisanu, chilichonse malikisi amodzi: keyala ya wolemba pamodzi ndi tsiku, keyala ya wolandira, malonje, mutu wa kalata, ndi mawu otsekera pamodzi ndi dzina. Malo a chilichonse patsamba akhale monga munaphunzitsira kuchokera m'buku. Ndimakana kugawa theka la malikisi pa zinthu zotere, chifukwa theka ndi khomo lolowera kukondera.

Mfundo ndiye pamene pafunika lubiriki yeniyeni, ndipo apa ndi pofunika kudekha. Vuto la malubiriki ambiri n'lakuti milingo yake imangoti "bwino kwambiri, bwino, bwinoko, sanakhoze". Amenewo ndi maina a milingo, sakufotokoza kanthu. "Bwino" wa inu si "bwino" wa mnzanu wa Sitandade 7B, ndipo ngakhale wanu yemweyo wa m'mawa amasiyana ndi wamadzulo mutatopa. Mlingo uliwonse unene zimene maso akuona papepala.

Yambani ndi mlingo wapamwamba, potengera kalata yanu ija. Malikisi 10: mwana wanena chomwe chachitika ndi malo ake, watchula mavuto awiri osiyana omwe munthu angawaone, ndipo pempho lake likunena chochita ndi oti achite. Kenako lembani wapansi. Malikisi 1: wangotchula kuti mlatho wakokoloka, kapena wangokopera mawu a funso. Milingo iwiri yapakati imavuta, ndipo njira yake ndi kufunsa kuti chasowa n'chiyani. Malikisi 7: zinthu zitatu zonse zilipo koma chimodzi n'choperewera, monga vuto limodzi m'malo mwa awiri, kapena pempho losanena chochita chenicheni. Malikisi 4: chimodzi mwa zitatuzo palibiretu, kapena ziwiri n'zoperewera. Amene sanalembe kanthu, kapena walemba nkhani ina, alandire 0.

Onani kuti pakati pa 10, 7, 4 ndi 1 palibe malikisi ena. Mukalola 8 kapena 5, mwabwezeretsa kuganizira komwe mumathawa. Mwana ali pamlingo uwu kapena uwo, basi.

Ulemu ndi wosavuta. Malikisi 2 ngati kalata yonse ikulankhula ndi amfumu moyenera, ndi "inu", "tikupempha", "chonde". Malikisi 1 ngati ulemu ulipo koma wasakanikirana ndi mawu a macheza, monga kufunsa za moyo wa ana ndi ziweto ngati kalata yopita kwa malume. Ndipo 0 ngati akulamula kapena akuti "iwe".

Pa kalembedwe musawerenge zolakwa za tsamba lonse, chifukwa mwana wolemba zambiri amalakwitsanso zambiri, ndipo mudzakhala mukulanga amene wayesetsa. Werengani m'mizere 10 yoyambirira ya thunthu la kalata. Zolakwa zosapitirira 3 zipeze malikisi 3, kuyambira 4 mpaka 8 zipeze 2, kupyola apo 1. Nenani m'mlozo zomwe mukuwerenga: zilembo zazikulu, mpumiro, kulumikiza kapena kulekanitsa mawu molakwika, ndi kusokoneza l ndi r. Lamulo la zilembo ziwirizi ana analiphunzira kale, lakuti r amabwera pambuyo pa i kapena e, monga mu "kulira" ndi "kubwera", pomwe l amabwera koyambirira kwa liwu ndi pambuyo pa a, o, u. Cholakwa chimodzi chikabwerezedwa kanayi, chiwerengeni kamodzi.

Mlozo: gamulani milandu isanafike

Tsopano tengani pepala lina, la inu nokha. Choyamba lembani mayankho amene mukuwayembekezera pa mavuto awiri aja: ana akujomba kusukulu, odwala ndi amayi oyembekezera akuzungulira mtunda wautali popita kuchipatala, anthu akulephera kukagulitsa nanazi ndi nthochi ku Limbuli kapena pa Chitakale, othyola tiyi akuchedwa kuntchito, kuchigayo sikukufikika. Pansi pake lembani kuti "ndi vuto lina lililonse lomveka lochokera pa kusowa kwa mlatho". Mzere umenewu ndi wofunika. Mwana adzalemba kuti anyamata ena ayamba kulipiritsa anthu powaolotsa, zimene inu simunaziganize, ndipo yankho limenelo likuposa onse a pamndandanda wanu.

Lembaninso zosavomerezeka. "Tikuvutika kwambiri" si vuto lotchulidwa, ndi dandaulo. "Sitikupita kusukulu" ndi "tikujomba" ndi vuto limodzi lonenedwa kawiri.

Kenako ganizirani milandu yovuta, muigamule muli phee, musanaone dzina la mwana pachikuto. Mwana akalembera ahedi m'malo mwa amfumu, ataye malikisi a keyala ya wolandira okha, zina zonse zichongedwe monga mwa masiku onse. Akalemba kalata yamchezo, ataye pa maonekedwe ndi pa ulemu, koma mfundo zake zikhale zake. Cholakwa chimodzi chisadulidwe pa mbali ziwiri: kusowa kwa mutu ndi nkhani ya maonekedwe, sikukhudza mfundo. Ndipo popeza ana athu ambiri amakulira m'makomo a Chilhomwe ndi Chimang'anja, gamulani msanga za mawu akumudzi. Ine ndimati liwu lakumudzi lomveka bwino lisadulitse malikisi a mfundo. Lilembeni mzere kunsi, muike liwu la m'buku pamwamba pake, ndipo ngati mukufuna kuliwerenga ngati cholakwa, liwerengedwe pa kalembedwe pokha.

Yesani pa makope atatu musanachonge onse

Sankhani makope atatu osiyana, muyese lubiriki yanu ndi pensulo.

Loyamba ndi la mtsikana wa zilembo zokongola. Keyala zonse ziwiri zilipo, mutu walembedwa mzere kunsi, mawu otsekera ali pamalo pake. Thunthu lake likuti: "Ndalemba kalatayi pofuna kukudziwitsani kuti mlatho wathu wa kumunsi kwa sukulu unakokoloka sabata yatha. Panopa tikuvutika kwambiri ndipo mavuto achuluka m'mudzi muno. Chonde tithandizeni." Maonekedwe 5, ulemu 2, kalembedwe 3. Nanga mfundo? Chochitika chanenedwa bwino ndi malo ake. Mavuto sanatchulidwe ngakhale limodzi, ndipo pempho silikunena chochita. Chimodzi palibiretu, ndiye ndi mlingo wa 4. Onse pamodzi 14.

Lachiwiri ndi la mnyamata wofufutafufuta. Waiwala keyala ya wolandira ndi mutu, choncho maonekedwe 3. Zolakwa za kalembedwe zapitirira 8 m'mizere 10, choncho 1. Koma mukawerenga mukupeza kuti wanena pomwe mlatho unali, wanena kuti ana a tsidya lina akhala masiku osabwera kusukulu, ndiponso kuti agogo ake anawanyamula pamsana kuzungulira kumtunda popita kuchipatala. Akumaliza ndi kupempha amfumu kuti aitanitse msonkhano, mabanja asonkhe mitengo ya bulugama, abambo amange mlatho wongoyembekezera Loweruka. Mfundo 10, ulemu 2. Onse pamodzi 16.

Wochonga ndi maso okha akanaika kope loyamba pamwamba, chifukwa ndi losangalatsa kuliona. Ndipo mukanagawa malikisi mofanana, 5 pa mbali iliyonse, mtsikanayu akanapeza 17, mnyamatayu pafupifupi 15. Apa ndi pamene mumaona ngati kagawidwe kanu kakugwirizana ndi cholinga cha phunziro. Dzifunseni kuti amfumu atalandira makalata awiriwa, ndi iti imene angachitepo kanthu. Ngati lubiriki ikuika pamwamba kalata imene sinagwire ntchito yake, vuto lili pa kulemera kwa mbali, ndipo mukonze musanapitirire. Ngati phunziro lanu linali la maonekedwe a kalata okha, kagawidwe kakanakhala kena, ndipo mtsikanayu akanayenera kutsogola.

Lachitatu ndi lija limasowetsa mtendere. Mwana watenga chitsanzo chanu cha dzulo, cha mjigo wowonongeka, n'kungochotsa "mjigo" kuikapo "mlatho". Mwamugwira chifukwa kalata ikuti anthu akumwa madzi a pachitsime chosatetezedwa chifukwa mlatho wathyoka. Ngati mlozo wanu sunanenepo za zimenezi, uwonjezereni pompo: maonekedwe alandire monga alili, popeza kutsanzira maonekedwe ndiko kumafunika, koma mfundo zokopera zosagwirizana ndi funso zikhale pa mlingo wa 1. Lamulo limeneli likalembedwa, ligwire aliyense amene wachita chimodzimodzi, ngakhale mwana amene amakhala nambala wani.

Mupatseko mnzanu

Tengani makope 5, mupatse mphunzitsi mnzanu pamodzi ndi lubiriki ndi mlozo, popanda kumufotokozera kanthu pakamwa. Aliyense alembe malikisi ake papepala lapadera. Mukasiyana ndi malikisi amodzi, palibe chodetsa nkhawa. Mukasiyana ndi 3 kapena kupitirira, musakangane za mwanayo, yang'anani mzere umene mwasiyanapo. Kawirikawiri mudzapeza liwu lotanuka, monga "momveka" kapena "mokwanira", limene aliyense walimva mwake. Mnzanu akati, "Aphunzitsi, ine 'tithandizeni' ndinamuwerenga ngati pempho lokwanira," ndiye kuti mlozo unayenera kunena kuti pempho lokwanira limatchula chochita. Lembani chiganizo chimenecho, muyesenso.

Ana aione asanalembe

Lubiriki si chinsinsi. Mlozo wa mayankho usungeni, koma mbali zinayi ndi milingo ya mfundo zilembeni pabolodi kapena pa tchati m'mawu a ana: "Ndanena chomwe chachitika ndi malo ake? Ndatchula mavuto awiri osiyana? Ndanena zoti amfumu achite?" Pa ulendo woyamba mudzakhala mutaikonza ana atalemba kale, koma pa kalata yotsatira ipachikeni asanagwire cholembera. Werengani nawo kalata yofooka imene mwapeka nokha, osati ya mwana wa m'kalasimo, iwo anene mlingo wake ndi chifukwa chake.

Izi zimakupepuzaninso ntchito. Akamaliza kulemba, asinthane makope, aliyense aike chizindikiro pa zinthu zisanu za maonekedwe ndi pensulo. Mbali imeneyo ana amaitha, inu mumangotsimikiza ndi diso limodzi. Mfundo zokha musawasiyire.

Pochonga ndi polemba m'kaundula

M'kope la mwana musalembe 14 yekha. Lembani manambala anayi motsatana, 5, 4, 2, 3, ndi chiganizo chimodzi chotengedwa pa mlingo wotsatira: "Tchula mavuto awiri enieni." Mwanayo akudziwa tsopano kuti kuchoka pa 4 kufika pa 7 pakufunika chiyani, zimene "yesetsa" sangamuuze.

Mukachonga makope 30, bwererani ku limodzi mwa oyambirira, mubise malikisi ake, mulichongenso. Likatuluka mosiyana, dzanja lanu layamba kulemera kapena kupepuka, ndipo ndi bwino kupuma kusiyana ndi kupitiriza. Chizindikiro china cha lubiriki yodwala ndi pamene pafupifupi kalasi yonse yaunjikana pa mlingo umodzi. Mwina milingo yoyandikana nawo yalembedwa movuta kuifikira, kapena mukuthawira pakati poopa kugamula. Tengani makope angapo a pamlingo umenewo, muwayale pamodzi. Ngati akusiyana moonekeratu, mlingowo ndi wotakata kwambiri ndipo mawu ake akufunika kukonzedwa.

M'kaundula ikani mizati inayi, osati umodzi wa zonse pamodzi. Mukamaliza, werengani chotsika mzati uliwonse. Mukapeza kuti ambiri ali ndi 4 kapena 5 pa maonekedwe koma 4 pa mfundo, ndipo chosowa chawo ndi pempho, phunziro la mawa lapezeka kale: simubwerezanso keyala ndi malonje, mutenga mphindi 15 kuphunzitsa kusandutsa "tithandizeni" kukhala chiganizo chonena chochita, ochita ndi nthawi yake. Ana ochepa amene ali pa 1 muwaitane pagulu lawo, ayambe anena mavuto awiriwo pakamwa asanawalembe. Pepala la mlozo, ndi zonse mwawonjezera ndi pensulo, likhomereni kumbuyo kwa chikonzekero cha phunzirolo, pamodzi ndi makalata atatu aja mutawakopera popanda maina, kuti chaka chamawa mudzayambire pamenepo.